Mmene Mungalembere Chikalata Chofotokoza Kafukufuku Wanu Pofunsira Digiri ya Udokotala pa Zachuma cha Ulimi

Mafomu mwadzaza, aphunzitsi okuchitirani umboni avomera kulemba makalata, zotsatira za mayeso nazo zili m'manja. Chatsala ndi tsamba limodzi kapena awiri pomwe yunivesite ikufuna mufotokoze zomwe mukufuna kukafufuza. Apa ndiye ambiri amagwira njakata. Amalemba kuti ali ndi chidwi pa nkhani za umphawi, kusintha kwa nyengo, misika ya mbewu ndi ngongole za alimi, zonse pakamodzi. Sikuti akunama ayi, koma pulofesa amene akuwerenga amakhala atawaona kale mawu omwewo m'zikalata zina zambiri. Iye akufuna adziwe chinthu chimodzi: kodi munthu uyu angathe kutenga vuto lalikulu n'kulisema mpaka litasanduka funso loti deta n'kuliyankha?

Ndiyenda nanu ndi chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti wofunsira malo ali ndi chidwi pa nkhani yoti alimi ang'onoang'ono amagulitsa mbewu zawo akangokolola, mitengo ili pansi, kenaka n'kudzagulanso mbewu yomweyo patapita miyezi, mtengo utakwera. Zitsanzo za ndime ndazilemba m'Chichewa kuti kaganizidwe kake kaoneke bwino. Inu mudzalemba m'chinenero chomwe yunivesiteyo yafuna.

Gawo 1: Dziwani amene adzawerenge

Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, fufuzani mtundu wa pulogalamu yomwe mukufunsira. Ku mayunivesite ambiri a ku America, wophunzira amayamba ndi chaka chimodzi kapena ziwiri za m'kalasi, n'kulemba mayeso oti apitirire, ndipo mutu wa kafukufuku amadzausankha pambuyo pake. Ulendo wonse umatenga zaka zisanu kapena kuyandikira pamenepo. Chikalata chanu chimawerengedwa ndi komiti, ndipo palibe amene adzakukakamizeni kuchita ndendende zomwe munalemba. Akungoyesa mutu wanu. Ku Britain, ku Australia ndi m'maiko angapo a ku Ulaya, nthawi zambiri mumalowa muli kale ndi pulofesa wokuyang'anirani, zaka zake ndi zitatu kapena zinayi, ndipo zomwe mwalemba amaziona ngati dongosolo lenileni la ntchito. Kumeneko mumayenera kunena za deta ndi nthawi mwatsatanetsatane. Malo ena amalengezedwa ngati ntchito, mutu uli wosankhidwa kale, ndiye chikalata chanu chimangoonetsa chomwe mungawonjezerepo pa mutuwo.

Onaninso kutalika komwe alamula. Ambiri amafuna mawu apakati pa 500 ndi 1,000. Ngati afunanso chikalata china cha mbiri ya moyo wanu, nkhani za ubwana ndi za kumene munachokera zipite kumeneko.

Gawo 2: Chotsani mutu, mutsale ndi funso

"Kusunga mbewu pambuyo pokolola" ndi mutu chabe. Munthu sangauyankhe kuti inde kapena ayi. Kuti usanduke funso, ufunseni zinthu zitatu: ndani akusankha, akusankha pakati pa chiyani ndi chiyani, ndipo mukuganiza kuti chikumukankha n'chiyani?

Pa chitsanzo chathu, wosankha ndi banja lolima malo ochepa. Likusankha pakati pa kugulitsa lero ndi kusunga miyezi isanu ndi umodzi. Funso loyamba likutuluka lokha: ngati mtengo umakwera m'miyezi imeneyi, n'chifukwa chiyani mabanja ambiri sadikira? Funso ili ndi labwino, koma likadali lalikulu, ndipo akatswiri alimbana nalo kwa zaka zambiri. Musaime pomwepa.

Ngati muli ndi mitu itatu yomwe mumaikonda mofanana, sankhani umodzi woti muulowe mozama. Inayo muitchule m'ziganizo ziwiri kumapeto, ndipo muonetse chingwe chomwe chikuimanga pamodzi. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Gawo 3: Ikani mayankho opikisana patebulo, ndipo muwerengetse

Gawo ili ndi limene ndimalikonda kwambiri, chifukwa ndi pomwe wophunzira zachuma amasiyana ndi munthu amene akungodandaula za alimi. Wodandaula amati alimi akuberedwa kapena sadziwa. Wazachuma amayamba waganiza kuti mlimi akudziwa chimene akuchita, n'kufunsa kuti chamumanga manja n'chiyani. Kaganizidwe aka n'kakale m'phunziro lanu. Theodore Schultz analemba mu 1964 kuti alimi osauka amagwiritsa ntchito mwanzeru zochepa zomwe ali nazo, ndipo owerenga chikalata chanu anakulira m'maganizo amenewa.

Tengani pepala muwerengetse ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti mtengo wa thumba pa nthawi yokolola ndi 100, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi umafika 130. Mlimi akasunga, anankafumbwe ndi chinyezi zimawononga gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye pa thumba lililonse adzapeza 117. Koma ndalama akuzifuna lero. Akakongola 100 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa miyezi yonseyo, adzabweza 110. Phindu la kusunga latsala 7 basi, ndipo sitinachotserepo mtengo wa mankhwala ndi matumba. Tsono tiyeni tinene kuti chaka chimenecho mtengo wangofika 115. Thumba lija libweretsa 103.5, ngongole ikufuna 110, mlimi waluza.

Kasamu kakang'ono aka kakupatsani mayankho atatu osiyana. Mwina mabanja amagulitsa msanga chifukwa alibe kokongola. Mwina n'chifukwa choti mbewu imawonongeka ikasungidwa. Mwinanso amaopa chaka chomwe mtengo sudzakwera. Chofunika kuchigwira n'chakuti yankho lililonse likulosera zake. Ngati vuto ndi ngongole, opatsidwa ngongole pa nthawi yokolola adzasunga zambiri. Ngati vuto ndi kuwonongeka, thumba losalowa mpweya lidzasintha zinthu ngakhale popanda ngongole. Ngati vuto ndi mantha a mtengo, mabanja ogulitsa pa misika yomwe mtengo umakanika kukwera kawirikawiri adzasunga zochepa ngakhale atapatsidwa zonse ziwirizo. M'chikalata simudzaika samu yonseyi. Mudzaika ziganizo zitatu kapena zinayi, koma wowerenga adzamva kuti kuseri kwake kunawerengetsedwa.

Gawo 4: Nenani pomwe anzanu analekezera

Tchulani ntchito ziwiri, zitatu kapena zinayi zomwe mwaziwerenga bwinobwino, osati mndandanda wa maina makumi awiri. Pa iliyonse nenani chimene inapeza ndi chimene inasiya.

Pa chitsanzo chathu, ntchito yosalumphika ndi ya Marshall Burke, Lauren Falcao Bergquist ndi Edward Miguel, yomwe inatuluka mu 2019 mu Quarterly Journal of Economics. Iwo anagwira ntchito ndi bungwe la One Acre Fund kumadzulo kwa Kenya, ndipo anapereka ngongole pa nthawi yokolola kwa magulu a alimi a chimanga osankhidwa mwamaere. Olandira ngongole anasunga zambiri n'kudzagulitsa mochedwa, ndipo phindu linali pafupifupi 29 peresenti ya ndalama zomwe anakongola. Koma anapezanso china chomwe wofunsira malo wanzeru sangachilumphe. M'madera momwe ngongole zinaperekedwa kwa anthu ochuluka, kusiyana kwa mtengo wa pokolola ndi wa pambuyo kunachepa, motero phindu la okongolawo linatsika, pamene ena osakongola anapindula ndi kusintha kwa mitengoko. Mbali inayi kuli Lila Cardell ndi Hope Michelson, omwe anaunika mitengo ya chimanga ya zaka zambiri pa misika yochuluka ya kumwera kwa Sahara, n'kuonetsa kuti si chaka chilichonse pomwe mtengo umakwera kuposa wa pokolola.

Mwaona mpata pamenepa? Ntchito ina ikuti ngongole imathandiza. Inayo ikuti kusunga kuli ndi chiopsezo chenicheni. Funso lanu likhoza kukhala pakati pawo: kodi ngongole ya pa nthawi yokolola imathandiza mofanana kulikonse, kapena imafooka kumene mitengo imagwiritsa anthu fuwa la moto kawirikawiri? Ndime yake ikhoza kumveka motere:

"Ndikufuna kudziwa ngati mantha oti mtengo sudzakwera amalepheretsa mabanja kusunga mbewu ngakhale ali ndi mwayi wa ngongole. Kafukufuku wa ku Kenya anaonetsa kuti ngongole ya pa nthawi yokolola imachulukitsa zosungidwa, pamene kuunika mitengo ya zaka zambiri kunaonetsa kuti m'zaka zina wosunga amaluza. Ndikufuna kuyesa ngati mphamvu ya ngongole imachepa pa misika yomwe zaka zoluza zimabwera pafupipafupi."

Chonde pewani chiganizo chakuti palibe amene anafufuzapo nkhaniyi. Kawirikawiri amakhala alipo, ndipo nthawi zina amakhala ndi yemwe akuwerengayo. Pewaninso kunena kuti mpata wanu ndi woti kafukufukuyu sanachitikepo m'dziko lakutilakuti. Kusintha dziko pakokha si chifukwa chokwanira. Nenani chimene chili chosiyana kumeneko, kaya ndi nyengo ziwiri zokolola pa chaka, kaya ndi boma lomwe limagula mbewu pa mtengo woikika, ndipo mufotokoze mmene kusiyanako kungasinthire yankho.

Gawo 5: Tchulani deta ndi njira, pamodzi ndi pomwe zimatsimphina

Mawu akuti "ndidzagwiritsa ntchito njira zamakono za ikonometrikisi" sanena kanthu. Tchulani deta ndi dzina lake. Pa funso lathu pali kalembera wa LSMS-ISA wa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, yemwe amatsatira mabanja omwewo kwa zaka zingapo m'maiko monga Ethiopia, Nigeria, Tanzania ndi Uganda, ndipo amafunsa za zokolola, zogulitsa ndi ngongole. Mitengo ya mwezi ndi mwezi pa misika imapezeka ku FEWS NET, yomwe imachenjezeratu za njala, ndi ku WFP. Za mvula zili mu CHIRPS, yomwe imayambira mu 1981. Musanatchule iliyonse mwa izi, itsitseni, muitsegule, muwerenge mafunso omwe mabanja anafunsidwa. Mukhoza kupeza kuti funso lomwe mumalidalira linafunsidwa chaka chimodzi chokha.

Kenaka pakubwera funso lomwe aphunzitsi a zachuma amaliganiza usana ndi usiku: mudzadziwa bwanji kuti ichi ndicho chachititsa icho? Mukangoyerekeza mabanja okongola ndi osakongola, n'kupeza kuti okongola amasunga zambiri, simunatsimikize kanthu. Mwina okongolawo ndi olemerapo kale, ali ndi nkhokwe zabwino, ndipo akanasungabe popanda ngongole. Njira imodzi yochepetsera vutoli ndi kuyerekeza banja ndi ilo lomwe m'zaka zosiyana, kuti zinthu zake zosasintha zichokemo. Mwachidule imalembedwa chonchi:

```
S_it = a_i + d_t + b1*C_it + b2*R_mt + b3*(C_it*R_mt) + e_it
```

Apa i akuimira banja, t chaka, m msika, S ndi gawo la zokolola lomwe banja lasunga, C ndi mwayi wa ngongole, R ndi kuchuluka kwa zaka zam'mbuyo zomwe mtengo unakanika kukwera pa msika wapafupi, pamene a_i ndi d_t zikuchotsa zosasintha za banja ndi zochitika za chaka chonse. Funso lanu lonse lagona pa b3, yomwe ikuonetsa mmene mphamvu ya ngongole imasinthira chiopsezo chikamakula. Ikatuluka yochepera ziro, ndiye kuti ngongole imafooka kumene chiopsezo n'chachikulu. Ikakhala pafupi ndi ziro, ndipo mwayeza ndi deta yokwanira, ganizo lanu lagwa, ndipo mulembe poyera kuti zimenezo n'zotheka. Pa chikalata cha tsamba limodzi, mzere wa samuwu mukhoza kuusiya n'kungoufotokoza m'mawu.

Tsono nenani nokha zofooka zake wina asanakuuzeni. Njirayi sichotsa zinthu zomwe zimasintha chaka ndi chaka m'banja. Matenda akagwa pakhomo, banja likhoza kukongola komanso kugulitsa msanga nthawi imodzi, ndipo manambala adzakusokonezani. Mabanja safunsidwa mwezi uliwonse, ndiye nthawi yomwe anagulitsa imadalira kukumbukira kwawo. Komanso malo a midzi mu deta yotulutsidwa kwa anthu onse amasunthidwa dala ndi makilomita angapo pofuna kuteteza chinsinsi, choncho nthawi zina mudzalumikiza mudzi ndi msika wolakwika. Chiganizo chimodzi chotchula zoterezi chimauza komiti kuti deta munaigwirapo ndi manja anu.

Ngati mukulota zodzachita kafukufuku wanuwanu wa maere m'midzi, werengetsani kukula kwake. Mabanja 800 amamveka ambiri. Koma ngati ali m'midzi 40, mabanja 20 mudzi uliwonse, ndipo maere mukuchita pa mudzi, mabanja a mudzi umodzi amafanana zochita. Kufananako kukangokhala 0.1 pa muyeso womwe 1 akutanthauza kufanana kotheratu, mumagawa 800 ndi 1 + (20 − 1) × 0.1, yomwe ndi 2.9, n'kutsala ndi mphamvu yofanana ndi ya mabanja pafupifupi 276 okha. Kuti muone ngati ngongole imagwira mosiyana pa misika yosiyana, pamafunika midzi yochuluka kuposa pamenepa. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mutu woyamba wa kafukufuku ukhale wa deta yomwe ilipo kale, ndipo wa m'midzi muutchule ngati sitepe yachiwiri yodalira kupezeka kwa ndalama.

Gawo 6: Onetsani kuti manja anu angaigwire ntchitoyi

Ndime iyi isakhale kubwereza mndandanda wa masukulu ndi ntchito zomwe zili kale pa chikalata china. Sankhani zinthu ziwiri zomwe zikukhudza funso lanu. Za kafukufuku wa digiri yachiwiri, nenani funso, deta, chimene munapeza, ndi chimene chinakanika. Yerekezani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "Ndili ndi luso lalikulu pa kafukufuku ndi kusanthula deta." Chachiwiri: "Pa digiri yachiwiri ndinasanthula deta ya mabanja ya zaka ziwiri mu Stata, ndipo ndinapeza kuti okongola amagulitsa mochedwa, koma sindinathe kusiyanitsa mphamvu ya ngongole ndi ya chuma chomwe anali nacho kale. Vuto limeneli ndi lomwe landifikitsa pa funso ili." Chachiwiricho chikuvomera kulephera, komabe ndicho champhamvu, chifukwa chikuonetsa munthu wodziwa malire a ntchito yake ndi chifukwa chomwe akufunira maphunziro ena.

Tchulani maphunziro a masamu omwe munachita ndi maina awo: kakyulasi, aljebura ya mamatirikisi, sitatisitikisi, ikonometrikisi. Mapulogalamu omwe amayamba ndi maphunziro a m'kalasi amayang'anitsitsa pamenepa, chifukwa chaka choyamba chimalemera ndi masamu. Ngati pali phunziro lomwe simunakhoze bwino, chiganizo chimodzi chonena zomwe mwachita pokonza n'chokwanira. Ngati munagwirapo ntchito yofunsa mafunso m'midzi kapena ya ulangizi, nenani chinthu chimodzi chomwe munaona chimene chinasintha kafunsidwe kanu, monga kuzindikira kuti mawu akuti thumba limodzi satanthauza makilogalamu ofanana kwa aliyense.

Gawo 7: Fotokozani chifukwa chake mwasankha dipatimenti imeneyi

Tchulani aphunzitsi awiri kapena atatu, ndipo pa aliyense mulumikize ntchito yake ndi mbali ina ya funso lanu: uyu pa kayendedwe ka mitengo m'misika, uyo pa kayezedwe ka mmene alimi amaopera chiopsezo. Werengani zomwe alemba m'zaka zitatu kapena zinayi zapitazi, kuphatikizapo mapepala omwe sanasindikizidwe koma ali pa masamba awo, chifukwa munthu amatha kusiya mutu womwe anatchuka nawo kale. Onetsetsani kuti akadali pa yunivesiteyo ndipo sanapume. Kumene wophunzira amalowa ali ndi womuyang'anira kale, mulembereni kalata yaifupi miyezi iwiri kapena itatu tsiku lotseka lisanafike, muikemo funso lanu m'ziganizo zitatu, n'kufunsa ngati akulandira ophunzira chaka chimenecho. Kumene komiti ndiyo imasankha, kutchula munthu mmodzi yekha n'koopsa, chifukwa akakhala kuti akuchoka, chikalata chanu chimatsala chopanda mwini.

Mawu otamanda kutchuka kwa yunivesite achotseni onse. Akudya malo omwe deta yanu ikuwafuna.

Gawo 8: Sanjani, dulani, yesani

Pa chikalata cha mawu 900, funso likhale m'ndime yoyamba, m'mawu pafupifupi 100. Mayankho opikisana pamodzi ndi ntchito za ena atenge 250, deta ndi njira 250, luso lanu 150, dipatimenti 100, ndipo otsalawo apite ku mitu ina yomwe mumaikonda ndi ntchito yomwe mukufuna kudzagwira mukamaliza. Manambalawa si lamulo, koma mukapeza kuti theka la chikalata likunena za kufunika kwa ulimi pa chuma cha dziko, dziwani kuti mwasokera. Owerenga anu ndi akatswiri a zomwezo.

Mukamaliza, chisiyeni masiku atatu. Kenaka chiperekeni kwa anthu awiri. Woyamba akhale wa phunziro lina. Awerenge kamodzi, atembenuze pepala, akuuzeni funso lanu ndi mawu ake. Akanena kuti "ndi za kusunga mbewu", ndiye kuti funso silinamveke, bwererani ku ndime yoyamba. Wachiwiri akhale wazachuma, ndipo mumupemphe akuuzeni chifukwa chimodzi chomwe b3 yanu ingatulukire yochepera ziro ngakhale ganizo lanu lili labodza. Akachipeza msanga ndipo inu simunachitchule, wonjezerani chiganizo chochiyankha.

Tumizaninso chikalatacho kwa aphunzitsi okuchitirani umboni asanalembe makalata awo, kuti zomwe adzanene za inu zigwirizane ndi zomwe mwalemba. Ngati mukufunsira malo ambiri, ndime ya dipatimenti ilembedwe mwatsopano pa malo alionse, ndipo musanatumize, fufuzani m'chikalata chonse dzina la yunivesite ina lomwe lingakhale litatsalira. Sungani ngati PDF, mutsegule muone kuti mzere wa samu uja sunasokonekere, ndipo mutumize kukadali masiku awiri, poti nthawi yotsekera imawerengedwa pa wotchi ya kumene kuli yunivesiteyo.